Akuti ndanenepa bwino, koma anamwino sakusekerera

"Ndinakwatiwa ndikulemera makilo 62, pano patha zaka zinayi ndili pa 84. Msinkhu wanga ndi masentimita 160. Apongozi amanyadira kuti mwana wawo akundisamala, koma kuchipatala andipeza ndi bipi ya 150/95 ndipo akuti ndichepetse thupi. Ndikaonda anthu kuno ku Kawale sanena kuti ndikudwala kapena banja lavuta? Ndichite bwanji?"

Achemwali anga, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo wachitatu ndinatseka foni n'kukhala kaye phee pakhonde, chifukwa mwandikumbutsa mkulu wanga.

Ife tinabadwa asanu ndi mmodzi, ndipo tinakula tonse oonda. Njala ya 2002 inatipeza kumudzi, tikudya gaga ndi nthochi zosakhwima, mwina kugona ndi madzi okha. Mkulu wangayo ndiye anayamba kubwera ku Lilongwe, n'kuyamba geni ya kaunjika kumsika wa Tsoka. Geni itagwira, thupi nalo linabwera. M'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi atatu, masana tchipisi cha pachiwaya ndi botolo la chozizira, madzulo mitanda itatu ya ufa woyera. Tsiku lonse ali pampando pambali pa belo, kubwerera kunyumba pa kabaza. Atapita kumudzi pa Khirisimasi, mayi athu analulutira. Anamugwira m'mikono n'kunena kuti, "Koma ndiye mwanenepatu, tawuni yakuyanjani." Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinkasirira kuti nanenso ndidzafike pamenepo.

Mayi athu sindiwaimba mlandu. Munthu amene anaona ana a m'mudzi akutupa mapazi ndi njala, akaona mnofu pathupi la mwana wake amaona chipulumutso. Panalinso Edzi, imene anthu ankangoitcha kaliwondewonde. Mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulele mu 2004, kuonda kunali ngati chikalata cha maliro. Aliyense wa msinkhu wathu anaperekeza mnzake amene anatha thupi mpaka lamba kusowa pogwira. Mantha amenewo akadali m'mitima mwathu, ndipo ndi amene amalankhula pamene apongozi anu akuyamikira.

Zaka zitadutsa, mkulu wanga anayamba kumva ludzu losatha. Usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi, ndipo pamene wakodza pankasonkhana nyerere. Maso anayamba kuona mwachimbuuzi. Kenako, akudya monga kale, thupi linayamba kutsika lokha. Apa ndi pamene pamandipweteka mpaka lero: anthu omwe aja ankamutcha "abwana" anayamba kunong'onezana kumsika. Iye anakayezetsa kachilombo katatu, katatu konse alibe. Poopa manong'onong'o, anawonjezera kudya, n'kugulanso mapilisi onenepetsa kwa munthu woyenda nawo m'chikwama. Ena mwa mapilisi amenewa ndi mankhwala amphamvu a mphumu ndi nyamakazi, amene amatupitsa nkhope, kusunga madzi m'thupi ndi kukweza shuga pamodzi ndi bipi. Anali kuthira palafini pamoto osadziwa.

Chinamufikitsa kuchipatala ndi kachilonda ka pachala cha kuphazi kamene kanakana kupola miyezi iwiri. Atamuyeza shuga m'mawa asanadye, makina anaonetsa 290. Munthu amanenedwa kuti ali ndi matenda a shuga nambala imeneyi ikafika 126, kapena 7.0 pa makina owerengera mwa mtundu winawo. Chala chija anachidula. Kuonda kumene ankakuopa kunabwera ndithu, koma kunabwera chifukwa shuga anali kutayikira mumkodzo, thupi n'kumadzidya lokha. Lero ali moyo, amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo amayenda motsimphina.

Choncho ine ndinaleka kuyamikira munthu kuti wanenepa, ndipo ndikuona kuti tonse tiyenera kuleka. Moni umenewu wapha anthu. Timaseka pamaliro kuti bambo uja anali ndi mimba ya ndalama, pamene mimba yomweyo ndi imene inamugwetsa m'bafa ndi sitiroko ali ndi zaka makumi anayi. Timapita kuzilangizo za ukwati n'kumauza mtsikana kuti mwamuna akapanda kunenepa ndiye kuti sukuphika. Ndiponso taonani zimene timatcha chakudya cha olemera. Mgaiwa timati ndi wa kusukulu yogonera komweko, bonongwe ndi chisoso timati ndi za kumudzi, nyemba timaphika mwamanyazi kukabwera alendo. Koma botolo la theka la lita la zozizira zambiri lili ndi shuga wopitirira masupuni a tiyi 12, ndipo amenewo ndi malire a tsiku lonse amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalangiza munthu wamkulu. Mlendo timamupatsa limenelo asanakhale n'komwe pansi.

Sindikunena kuti kuonda ndiko thanzi. Ndikudziwa amayi ojintcha amene amalima ekala yonse, bipi yawo ili bwinobwino, komanso anyamata oonda amene ali ndi shuga. Kutsika thupi popanda chifukwa n'koopsa, kungakhale chifuwa chachikulu, kachilombo, khansa kapena shuga yemweyo, ndipo kumafunika kuchipatala msanga. Chimene chimavuta kwambiri ndi malo amene mafutawo akhala. A m'ntchafu ndi m'matako savutitsa kwenikweni. A m'mimba amakuta chiwindi ndi matumbo, n'kuchititsa kuti thupi lisamamvere insulini, imene imalowetsa shuga m'minofu. Shugayo amangoyandama m'magazi, n'kumawononga pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, mu impso ndi kumapazi. Bipi nayo imagwira ntchito yake mwakachetechete, mutu osapweteka n'komwe. Pitani ku Kamuzu Central mukaone anthu odikira makina osefera magazi chifukwa impso zinasiya ntchito, mudzabwerako muli chete.

Chingwe chimodzi

Tengani chingwe, muchidule molingana ndi msinkhu wanu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chipindeni pakati, ndipo muchizungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya osakoka mimba. Nsonga zikakumana, muli pabwino. Zikakana, mafuta a m'mimba achuluka. Kwa inu a masentimita 160, pamimba pasafike 80.

Simukufunika kubwerera pa 62. Kutsitsa makilo anayi mpaka asanu ndi atatu m'miyezi isanu ndi umodzi kumathandiza kale bipi ndi shuga, ndipo kutsika kotereku anthu a ku Kawale sadzakuona ngati matenda, adzangoona kuti chilundu chakukhalani bwino. Yambani ndi zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mutiyi. Mitanda itatu ikhale iwiri, ya mgaiwa, masamba achuluke m'mbale. Mchere usapitirire supuni ya tiyi imodzi patsiku, kuwerengera ndi wa mundiwo, ndipo wa patebulo muuchotse. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pamlungu. Bipi mukayezetsenso masiku ena awiri osiyana. Ikakhalabe pa 140/90 kapena kupitirira, ndipo akakupatsani mankhwala, imwani osadikira kuti muonde kaye. Pemphaninso akuyezeni shuga m'mawa musanadye, ndipo ngati muli pa jakisoni kapena mapilisi akulera, auzeni anamwinowo za bipiyi.

Za apongozi, musalimbane nawo nokha. Tsiku lokayezetsanso mupite ndi bambo a kunyumba, nawonso apereke mkono awayeze, ndipo akhale iwo okauza mayi awo zimene anamwino anena.