Mabuku ophunzirira Chipwitikizi cha kuntchito ku Mozambiki

"Ndine dalaivala, ndimakhala ku Bangula. Andilonjeza ntchito ku Beira. Chisena ndimalankhula bwino, koma akuti mapepala onse kumeneko ndi a Chipwitikizi. Ndigule mabuku ati, poti ndalama zanga n'zochepa?"

Achimwene, musanatulutse ndalama, yambani mwadziwa kuti bukulo ndi la Chipwitikizi cha kuti. Chilipo cha ku Brazil, chilipo cha ku Portugal, ndipo m'masukulu ndi m'maofesi a ku Mozambiki amatsata cha ku Portugal. Mabuku ambiri olembedwera anthu odziwa Chingerezi amaphunzitsa cha ku Brazil, ndipo pachikuto sanena nthawi zonse. Mukaphunzira chimenecho anthu adzakumvani ndithu, koma inuyo mudzavutika kumva bwana wanu ndi kuwerenga zikalata zake.

Kuzindikira n'kosavuta. Tsegulani bukulo, mufufuze momwe akunenera kuti "ndikugwira ntchito". Mukaona estou a trabalhar, limenelo ndi lanu. Mukaona estou trabalhando, ndi la ku Brazil, libwezeni pashelefu. Onaninso sitima yapamtunda: ngati alemba comboio, zili bwino, chifukwa ndi dzina lomwe mudzamve ku Mutarara ndi ku Sena. A ku Brazil amati trem.

Mabuku awiri amene ndimauza anthu molimba mtima ndi Português XXI ndi Gramática Activa, onse osindikizidwa ndi kampani ya Lidel ya ku Portugal. Gulani gawo loyamba la lililonse, osati magawo onse. Português XXI lili ndi zokambirana za tsiku ndi tsiku, Gramática Activa limafotokoza lamulo la galamala kenako n'kukupatsani ntchito yolemba. Onse analembedwa m'Chipwitikizi chokhachokha, choncho masabata oyamba mudzafuna wina wokhala nanu pafupi. Kuno kuchigwa cha Shire anthu otere sasowa. Alipo ambiri ku Nsanje ndi ku Marka amene anaphunzira sukulu kutsidya. Ndalama zikavuta, ine ndingasankhe la galamala, chifukwa zolankhula mudzazitola pamsewu, pomwe kasinthidwe ka aneni palibe adzakuphunzitseni pamalo antchito.

Buku likakhala lakale musalinyoze. Mu 1990 mayiko olankhula Chipwitikizi anasainirana pangano losintha kalembedwe, ndipo mabuku atsopano a ku Portugal anachotsa zilembo zina zosatchulidwa. N'chifukwa chake buku lomwelo mudzalipeza lolembedwa Activa pachikuto chakale, Ativa pachatsopano. Ku Mozambiki kalembedwe kakaleko ndi komwe mudzakaone kwambiri m'nyuzipepala ndi m'makalata, ndiye logula pakaunjika likhoza kukuthandizani kuposa lamakono lodula.

Pa dikishonale ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi. Gulani ya Chipwitikizi ndi Chingerezi, makamaka ya Porto Editora, koma dziwani kuti mneni sapezeka m'menemo monga walembedwera m'chiganizo. Tiyeni titenge chidziwitso chofanana ndi zomwe amamata pageti la kampani: Precisa-se de motorista. Os candidatos devem trazer carta de condução. Mukafufuza motorista mumupeza msanga, ndi dalaivala. Koma devem simumupeza. Muyenera kudziwa kuti mathero akewo akusonyeza anthu ambiri, "iwo", ndipo mutu wake umene mungaupeze m'dikishonale ndi dever, kuyenera. Chimodzimodzi precisa-se: chotsani kachidutswa kakumapetoko, mufufuze precisar. Pomaliza pali carta. Tanthauzo loyamba lomwe muone ndi kalata, ndipo mukaima pomwepo mupita ndi kalata yofunsira ntchito. Tsikani m'munsi mwa mawu omwewo mpaka mupeze pomwe aphatikiza ndi condução: ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Chidziwitso chonse chikuti akufuna dalaivala, ofunsira abwere ndi laisensi.

Aneni ena amasinthiratu nkhope, moti kungoganizira sikuthandiza. Fui, kunena kuti "ndinapita", mutu wake ndi ir, ndipo palibe chilembo choyambira chomwe akufanana. Choncho pogula dikishonale, tembenuzani kumapeto muone ngati muli matebulo a aneni. Mukakhala ndi bandulo pafoni, dikishonale yaulere ya Priberam imalandira mawu monga alembedwera n'kukusonyezani mutu wake, ngakhale imamasulira m'Chipwitikizi momwemo.

Zowerenga musawonongerepo ndalama. Bwerekani mabuku akale a kupulayimale ku Mozambiki kwa abale a ku Vila Nova, kutsidya kwa malire a ku Marka. Ziganizo zake n'zazifupi, nkhani zake ndi za kumunda, kumsika ndi kuchipatala. Ndati kubwereka chifukwa boma lawo limagawa mabukuwo ulere ndipo kuwagulitsa n'koletsedwa. Mukazolowera, pemphani wina akubweretsereni nyuzipepala ya Diário de Moçambique, yomwe imatuluka ku Beira komweko, muyambe ndi tsamba la zidziwitso za ntchito. Muziwerenga mokweza pamaso pa mphunzitsi wanu uja kuti akukonzeni mawu otulukira m'mphuno, monga mathero a condução, chifukwa amenewo buku silingakumveketsereni.