Fodya ndagulitsa m'madola, nanga feteleza akundithawa bwanji?

Funso, kuchokera kwa mlimi wa ku Ekwendeni: "Alangizi, fodya wanga wa bale ndimagulitsa ku okushoni ya Mzuzu, mitengo yake ndi ya madola. Koma ndalama ikalowa kubanki, matumba a feteleza amene ndingagule akuchepa chaka ndi chaka. Kwacha ikugweranji, poti ife tikulima ndithu?"

Bambo, tiyambire pa kaundula wa dziko lonse. Zaka zapitazi, katundu amene Malawi amagulitsa kunja, fodya patsogolo, kenako tiyi, shuga, mtedza, soya ndi khofi wathu wa kuno kumpoto, wakhala akubweretsa madola pafupifupi 1 biliyoni pachaka. Amene timagula kunja, mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala a m'zipatala ndi makina, amadya pafupifupi 3 biliyoni. Mwini sitima yotsitsa feteleza ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam salandira kwacha. Ndiye ofuna dola amachuluka kuposa madola amene alipo, ndipo mtengo wake umakwera monga umachitira wa chimanga mu Febuluwale. Thandizo lakunja, ngongole ndi ndalama zotumiza abale athu a ku Joni zimatsekako dzenjelo, koma osati lonse. Chaka chimene fodya wachepa kapena wagulidwa motsika, dzenje limakula. Ndi momwenso zinakhalira mgodi wa Kayelekera ku Karonga utaima mu 2014: khomo limodzi la madola linatsekeka, koma mafuta sitinasiye kugula.

Banki yaikulu ya Reserve imayesa kugwira mtengo wa dola pogulitsa madola amene inasunga. Nkhokweyo ikapepuka, mabanki amayamba kuuza amalonda kuti adikire. Otopa kudikira amapita kumsika wamseri, ndipo mitengo imakhala iwiri. Kusiyanako kukakula, kwacha imatsitsidwa, monga mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Mitengo iwiriyi ndiyo ikukulumani inu. Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Mwagulitsa makilogalamu 1,000 pa madola awiri kilogalamu, ndiye madola 2,000. Banki yakusinthirani pa K1,750, mwapeza K3,500,000 asanadule za thiransipoti, ngongole ndi zina. Tsono tinene kuti thumba la feteleza limadya madola 40 kuti lifike m'sitolo muno mu Mzuzu. Wamalonda akanapeza dola kubanki, thumbalo likanakhala K70,000, inu n'kugula matumba 50. Koma ngati dolayo waigula kumbali pa K3,500, thumba lomwelo ndi K140,000, ndipo matumba anu atsala 25. Fodya yemweyo, thukuta lomwelo. Mwagulitsa pa mtengo wa kubanki, mwagula pa mtengo wa mumsewu. Ine ndimaona kuti apa mlimi wa fodya ndiye amasenza katundu wa dziko, ngakhale dola wabweretsa ndi iyeyo.

Palinso nkhani ya nyengo, ndipo apa ndi pamene mungadzithandize. Madola a fodya amalowa kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti. Kuyambira Okutobala msika watsekedwa, koma ndi nthawi imene aliyense akufuna feteleza. Choncho ndalama ya mabelo oyamba ikangolowa, gulani feteleza ndi mbewu za chaka chamawa, musadikire mvula ya Disembala. Amene anasunga K1,180,000 kumayambiriro kwa Novembala 2023 anali ndi mphamvu yogula katundu wa madola 1,000. Kwacha itatsitsidwa, ndalama yomweyo inatsala ya madola osakwana 700.

Kugula msanga kuli ndi vuto lake: Mzuzu ndi wa chinyezi. Feteleza wa yureya amakoka madzi n'kuuma ngati mwala. Sanjikani matumba pa matabwa, asakhudze pansi kapena khoma, denga lisadonthe, ndipo musamasule thumba nthawi isanakwane. Ngati fodya wanu ndi wa kontirakiti, funsani ngati ngongole ya zipangizo yalembedwa m'madola kapena m'makwacha musanasayine.

Zizindikiro zoti zinthu zikuthina mumaziona nokha: mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, masitolo osintha mitengo sabata iliyonse, ena n'kumabisa katundu kumene. Mukaona zimenezi musakhalitse ndi ndalama m'thumba. Koma musakagule madola mumsewu kuti musunge. Ndi mlandu, komanso achinyengo ngambiri. Bola kuchepetsako feteleza wogula: gawo lina la munda mubzale soya kapena mtedza, zomwe sizifuna wobereketsa, ndipo chimanga chikadzatsatira pamenepo chaka chinacho chidzapeza nthaka yabwinoko.