Iye ndi Mkatolika, ine ndine wa Sabata: ana adzapemphera kuti?

“Amayi, ndili ndi zaka 27, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndine wa mpingo wa Adiventisti chibadwire. Chibwenzi changa ndi Mkatolika wa ku Bangwe. Tikufuna kuchita chinkhoswe chaka chino, koma palibe amene akufuna kusiya mpingo wake. Iye akuti za ana zisatidetse nkhawa, adzasankha okha akadzakula. Kodi zimenezi zingatheke?”

Achemwali, banja lotere limatheka, ndipo alipo ambiri muno mu Blantyre. Koma mawu akuti “adzasankha okha” musawadalire. Amamveka okoma mukakhala awiriwiri, koma amatha mphamvu mwana akangotuluka chikuta.

Akatolika amabatiza makanda, ndipo lamulo la mpingo wawo limauza makolo kuti asachedwe, mwana abatizidwe m'masabata oyambirira. Kwanu khanda limangoperekedwa kwa Mulungu ndi pemphero la abusa, ubatizo womiza m'madzi umadikira kuti mwanayo azindikire n'kuvomera yekha. Ndiye taonani: bwenzi lanulo likamati ana adzasankha akadzakula, lavomera kale chiphunzitso cha kwanu, mwina osadziwa n'komwe. Apongozi anu a ku Bangwe adzazindikira msanga. Mwana akadzakwanitsa miyezi itatu adzayamba kufunsa kuti mdzukulu wawo abatizidwa liti, ndipo pamenepo mwamunayo adzakhala pakati pa mayi ake ndi mkazi wake.

Koma nkhaniyi idzakupezani mwana asanabadwe n'komwe, pa ukwati penipeni. Kuti Mkatolika akwatire munthu wa mpingo wina, bambo mfumu wa parishi yake amamupemphera chilolezo kwa ambuye episkopi. Adzafuna kuona umboni wa ubatizo wanu, chifukwa chilolezo cha Mkhristu wobatizidwa ndi chosiyana ndi cha munthu amene sanabatizidwepo. Asanapatsidwe chilolezocho, Mkatolikayo amalonjeza zinthu ziwiri: kuti sadzataya chikhulupiriro chake, ndiponso kuti adzachita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa Chikatolika. Kale mnzake wa mpingo winayo ankalonjezanso, koma Papa Paulo VI anasintha zimenezo mu 1970, ndipo malamulo a mpingo a 1983 anatsata pomwepo. Lero inu simulumbira kanthu, mumangodziwitsidwa kuti mnzanu walonjeza zakutizakuti. Mawu ake ndi akuti “zonse zimene angathe”, osati “zivute zitani”. Mpata wokambirana ulipo, koma lonjezo ndi lonjezo. Mufunseni mosapita m'mbali: “Mukadzalonjeza pamaso pa bambo mfumu, mudzakhala mukutanthauza chiyani pa mwana wathu woyamba?” Akayankha kuti ndi zapapepala chabe, musasangalale. Kapena akunamiza ansembe, kapena akunamiza inu.

Kwanunso musayembekezere kuti zidzangoyenda. Buku la malamulo a mpingo wa Adiventisti limaletsa mwamphamvu kukwatirana ndi wa mpingo wina, ndipo limalangiza abusa kuti asadalitse ukwati wotere. N'chifukwa chake ambiri amathawira kwa DC. Pa malamulo a dziko palibe vuto, poti lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kuboma, wa mwambo ndi wa kutchalitchi. Koma Mkatolika akamanga ukwati kunja kwa tchalitchi chake popanda chilolezo cha episkopi, mpingo wake suuwerengera, ndipo amaleka kulandira Ukaristiya mpaka ukwatiwo utakonzedwa. Mwamuna amene lero akuti zilibe kanthu akhoza kudzamva kuwawa patapita zaka, anzake akamapita kukalandira iye atatsala pa benchi, ndipo mlandu adzaupereka kwa inu. Pitani nonse awiri kwa bambo mfumu, mupitenso nonse kwa abusa anu, chinkhoswe chisanachitike. Tsiku la ukwati nalo mulikambe, chifukwa abale ake anazolowera Loweruka, pomwe anu sangabwere kudzavina pa Sabata.

Tiyerekeze kuti mwakwatirana, mwana wanu wamkazi wafika zaka 7. Lachisanu dzuwa likulowa, cha m'ma 5 koloko m'nyengo yozizira kapena cha m'ma 6 m'dzinja, inu mwatsiriza kuphika ndi kusita, mukutsegula Sabata ndi nyimbo. Bambo ake afika kuchokera kuntchito, akufuna kutsegula wailesi yakanema. Loweruka m'mawa mwapita naye ku Sukulu ya Sabata, kumene wamva kuti tsiku lopatulika ndi lachisanu ndi chiwiri, ndipo akufa ali m'tulo kudikira kuuka. Lamulungu bambo ake amutenga ku Misa, ndipo ku tilitonse, kumene anzake a msinkhu wake akukonzekera kulandira koyamba, waphunzira kupempha Amayi Maria ndi oyera kuti amupempherere. Madzulo akufunsani: “Amama, agogo anamwalira aja akundimva ndikamalankhula nawo?” Mwana wa zaka 7 safuna kumva kuti ena amati izi ena amati izo. Amafuna yankho, ndipo mukamupatsa mayankho awiri otsutsana amaphunzira kuuza kholo lililonse zimene likufuna kumva.

Maganizo anga ndi akuti mwana akhale ndi mpingo umodzi umene ali kwawo, winawo azipitako ngati mlendo wodziwika: pa ubatizo wa msuweni, pa Khirisimasi ndi agogo, pa msonkhano wa misasa. Kumugawa pakati ndi pakati, Loweruka uku Lamulungu uko, kumatopetsa mwana, ndipo kawirikawiri kumatha ndi mwana amene sali kulikonse. Kugawana ana, anyamata kwa bambo atsikana kwa mayi, ndiye sindikuvomereza n'komwe. Kumabweretsa mpanda pakati pa ana a mimba imodzi.

Nanga mpingo wakewo ukhale uti? Musayambe ndi kutsutsana kuti woona ndi uti, simudzamaliza. Yang'anani amene adzagwire ntchitoyo. Amene adzadzuke kumusambitsa mwana, kumulipirira minibasi, kumuphunzitsa mapemphero usiku, ndiye adzalere chikhulupiriro chake. Ngati bwenzi lanulo limapita ku Misa pa Pasaka ndi pa maliro pokha, ku mphakati silidziwika, ndiye kuumirira kuti ana akhale Akatolika n'kusenzetsa inu katundu amene mwini wake sakumunyamula. Ansembe nawonso asanabatize khanda amafuna chiyembekezo chenicheni chakuti lidzaleredwa Chikatolika. Koma ngati ndi munthu wa kwaya ndi kolona wake m'thumba, inu mudzifunse moona mtima ngati mungapirire kuona mwana wanu akuthiridwa madzi pamphumi. Mukhozanso kudziwa kuti mwana wobatizidwa ali khanda akadzasankha za Sabata atakula, kwanu adzamubatiza pomumiza. Koma Akatolika sabatiza kawiri munthu amene ubatizo wake amauvomereza.

Za kukhitchini ndi zopepukirapo, bola munene poyera. Nkhumba, mlamba, kampango ndi mbewa zilowe m'nyumba kapena ayi? Mabanja ambiri amagwirizana kuti m'poto wa pakhomo mukhale chambo, usipa ndi nkhuku, bambo akafuna kanyenya wa nkhumba akadyere kunja. Povuta ndi kwa agogo a ku Bangwe, mwana akapita ku holide. Agogowo awauze ndi mwana wawo, osati inu.

Zimene mwagwirizanazo musazisunge awiriwiri. Muwauze ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amve ndi makutu awo: ukwati udzachitikira kuti, mwana woyamba adzabatizidwa ali khanda kapena ayi, adzapita naye ndani kutchalitchi. Ngati kwanu mumatsata zakuchikazi, amalume anu nawonso adzafuna kulankhulapo pa ana a mbumba yawo, ndiye ndi bwino amveretu. Ndipo muwafunsenso ankhoswewo funso limene ambiri amaliopa: mmodzi wa inu atamwalira ana akadali aang'ono, wotsalayo apitiriza kuwatengera kuti?