Banki yadula ndalama, koma a mayeso akuti sanalandire

"Ndikulipira mayeso akunja, mapaundi 200. Banki inachotsa ndalama mu akaunti yanga masabata awiri apitawo, koma bungwe la mayeso likuti silinalandire kalikonse. Kwatsala masiku 10 kuti atseke kalembera. Nditani?"

Pepani kwambiri, nkhani ngati iyi imasowetsa tulo. Mawa m'mawa pitani kubanki, ndipo musakafunse kuti "kodi munatumiza?" Mukapemphe chikalata cha SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana uthenga wa ndalama zopita kunja. Chikalatachi ambiri amachitcha MT103. Kumene ndalama zakunja zikusowa, banki ikhoza kudula ndalama zanu lero, pempho lanu n'kukhala pamzere kudikira kuti mapaundi apezeke. Lisiti imene anakupatsani pakauntala imangosonyeza kuti munapempha. MT103 ndiyo imasonyeza kuti ndalama zinanyamuka. Akalephera kukupatsani, n'kutheka kuti zidakali pomwepo.

Ngati akupatsani, onani mizere itatu; chikalatacho chikakhala cha mtundu watsopano chopanda manambala a mizerewa, afunseni akusonyezeni pamene pali zinthu zomwezi. Mzere wa 32A uli ndi tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zinatumizidwa. Mzere wa 70 uyenera kukhala ndi nambala yanu ya ophunzira kapena ya invoisi. Ukakhala wopanda kanthu, ndalama zikhoza kufika bwinobwino koma n'kungokhala, chifukwa a mayeso sakudziwa kuti mwini wake ndani.

Mzere wa 71A ndiwo umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambiri amasaina fomu osauona n'komwe. Ndalama zotere nthawi zambiri zimadutsa kubanki ina yapakati, ndipo nayonso imafuna malipiro ake. Pakalembedwa SHA kapena BEN, banki yapakatiyo imatapa pa ndalama zomwezo. Tiyerekeze kuti yatapa mapaundi 15: kufika 185, ndipo kwa a mayeso ndiye kuti simunamalize kulipira. Pakalembedwa OUR, zolipira zonse zimakhala zanu kuno koyambira, kuti 200 ifike yathunthu. N'zodulirapo, inde, koma kutumizanso mapaundi 15 otsalawo kumafuna fomu ina, malipiro ena ndi kudikiranso pamzere.

Pemphaninso nambala ya UETR, imene banki imagwiritsa ntchito kutsata pamene ndalama zaima. Tsiku lomwelo tumizani MT103 ndi nambalayo ku ofesi ya zachuma ya bungwe la mayeso, muwapemphe kuti akusungireni malo. Musadikire tsiku lomaliza, pakuti mabungwe ambiri amawerengera tsiku limene ndalama zafika, osati limene munatumiza.

Nanga ngati sizinanyamuke? Masiku 10 ndi ochepa, ine sindingadikire. Funsani ngati malo olembera mayesowo m'dziko lanu amalandira ndalama za kwanu. Apo ayi, m'bale amene ali kunja akulipirireni ndi khadi lake, ngati bungwelo limalola khadi la munthu wina. Kalembera akatsimikizika, lemberani banki kalata yoletsa pempho loyamba lija kuti musalipire kawiri, ndipo afotokoze ngati akubwezerani ndalama zonse kapena achotsapo zina.