Mkangano wa kaunjika pakati pa America ndi Rwanda: realizimu, liberalizimu ndi konsitirakitivizimu

"Ndikuphunzira za ubale wa mayiko. Matanthauzo a realizimu, liberalizimu ndi konsitirakitivizimu ndinawaloweza, koma akandipatsa nkhani yeniyeni ndimasowa poyambira. Mungandionetse pa mkangano umodzi wa zamalonda?"

Titenge nkhani ya kaunjika. M'chaka cha 2016, atsogoleri a mayiko a m'bungwe la kum'mawa kwa Africa la EAC anagwirizana zoti pofika 2019 akhale atasiya kuitanitsa zovala zakale, kuti mafakitale awo a nsalu akule. Rwanda inakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 a ku America kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu. Mu Malichi 2017, bungwe la SMART, la makampani a ku America ogulitsa zovala zakale, linakadandaula ku boma lawo kuti ntchito 40,000 zili pachiwopsezo. Boma la America linaopseza kuti lichotsa mwayi wa AGOA, lamulo la 2000 limene pa nthawiyo linkalola katundu wa mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, kulowa ku America popanda msonkho. Kenya inabwerera m'mbuyo msangamsanga, kenako Tanzania ndi Uganda. Rwanda inakana, ndipo mu Julayi 2018 America inaimitsa mwayi wa AGOA pa zovala zochokera ku Rwanda.

Poyambira pake ndi apa: chiopsezo chinali chimodzi, koma mayiko anayi sanayankhe mofanana. Ganizo lililonse mwa atatu mwatchulawa liyesedwe pa kusiyana kumeneku.

Wotsatira realizimu amafunsa kuti mphamvu zili ndi ndani. Kwa iye palibe boma lapamwamba loweruza mayiko, choncho wamkulu amagwiritsa ntchito chimene ali nacho. AGOA si pangano losainirana. Ndi lamulo la America lokha, ndipo pulezidenti wawo atha kuchotsamo dziko popanda kupita kukhoti lililonse. Apa realizimu yalasa. Koma ikupunthwa pawiri. Kaunjika sakhudza chitetezo cha America ngakhale pang'ono, ndiye n'chifukwa chiyani boma linadzivutitsa naye? Ndipo ngati wofooka amagonja, bwanji Kenya, yachuma chachikulu m'chigawochi, inagonja, pamene Rwanda yaing'ono inaima nji?

Liberalizimu imalowa m'kati mwa dziko n'kufunsa amene apindule ndi amene aluze. Ku America, nkhaniyi inayambitsidwa ndi amalonda, osati asilikali. Kenya inkagulitsa ku America zovala za madola oposa 300 miliyoni pachaka kudzera mu AGOA, ndipo mafakitale ake ankalemba anthu zikwi makumi. Rwanda inkagulitsako zovala za madola pafupifupi 1.5 miliyoni basi. Kenya ikanataya zambiri, Rwanda pang'ono. Pa funso la kusiyana kwa mayankho, liberalizimu ndi imene yakhoza kwambiri. Ophunzira ambiri amalakwa poganiza kuti liberalizimu ndi nkhani ya mabungwe a mayiko yokha, ndiye akaona kuti mgwirizano wa EAC unasweka pa mfundoyi, amati yagwa. Yafooka mbali ya mabungwe, inde. Mbali ya kudalirana pa malonda ndi ya magulu okakamiza boma ndi imene yagwira ntchito.

Konsitirakitivizimu imabwerera kumayambiriro: zinatheka bwanji kuti boma lione kaunjika ngati vuto? Anthu osauka amavala motchipa chifukwa cha iye, ndipo ogulitsa m'misika amadyera momwemo. Koma boma la Paul Kagame, pulezidenti wa Rwanda, linaika nkhaniyi pa ulemu wa mtundu, ponena kuti anthu a ku Rwanda asamavale zotaya ena, n'kuilumikiza ndi kampeni yolimbikitsa katundu wopangidwa m'dzikomo. Malinga ndi ganizoli, zofuna za dziko sizibadwa nalo. Zimaumbidwa ndi mmene dzikolo limadzionera. Mtsogoleri akanena pagulu kuti nkhani ndi ya ulemu, kubwerera m'mbuyo kumakhala kodula kuposa msonkho.

Vuto lake n'lakuti mawu a ulemu ndi otchipa pakamwa. Kuti mudziwe ngati anagwiradi ntchito, funsani: kodi dziko linalolera kutaya kanthu chifukwa cha iwo? Ku mbali ya AGOA, Rwanda inataya zochepa, choncho umboniwo ndi wofooka. Umboni wolimbirapo uli m'misika ya ku Kigali, kumene mitengo ya zovala inakwera, ogulitsa kaunjika n'kudandaula, koma boma osasintha. Apanso wotsutsa anena kuti boma la Rwanda silipanikizidwa ndi ogulitsa m'misika ngati mmene la Kenya limapanikizidwira, ndipo mfundo imeneyo ndi ya liberalizimu.

Polemba mayeso, musamalize ndi mawu akuti maganizo onse atatu ali ndi zoona zake. Oyesa anatopa nawo. Lembani zimene ganizo lililonse likanalosera za Kenya ndi za Rwanda, kenako muonetse pamene kuloserako kwaphonya. Ndipo yesani funso ili: Rwanda ikanakhala kuti imagulitsa ku America zovala zochuluka ngati Kenya, ikanakanabe? Mukayankha kuti ayi, mwaima ndi liberalizimu. Mukati inde, mufunika kusonyeza nthawi ina imene boma la Rwanda linatayapo ndalama zambiri chifukwa cha ulemu.