Kalata yoyamba yopita kwa mnzako wa ku Scotland: ulembemo chiyani?

"Zikomo mayi. Ndine mtsikana wa zaka 15, ndili Fomu 2 pa sekondale yoyendera kuno ku Dedza. Sukulu yathu ili pa ubale ndi sukulu ina ya ku Scotland, ndiye aphunzitsi atipatsa aliyense mnzake woti tizilemberana naye. Akuti kalata yoyamba ikhale yaifupi, yonena za banja lathu ndi zimene timachita tsiku ndi tsiku. Ine ndimakhala ndi agogo, amayi, mlongo wanga ndi ana awiri a malemu mayi aang'ono. Bambo ali ku Joni. Tsiku langa ndi kutunga madzi, sukulu, kuphika, basi. Ndilembe chiyani choti asatope nacho? Komanso ndikuchita manyazi."

Mwana wanga, kalata yako waiyamba kale, kungoti sunadziwe. Zimene watsekera ndi "basi" zija ndi zomwe mnzakoyo sanazionepo chibadwire. Iye amatsegula mpopi m'nyumba madzi n'kutuluka, ena otentha kale. Sadziwa kuti mjigo umalira bwanji m'mamawa, sadziwa kuti ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20, ndiponso kuti pali mtsikana wa msinkhu wake amene amaisenza pa nkhata osataya dontho. Ndiye chovuta chako si kusowa nkhani. Ntchito yagona pa kusankha zinthu zochepa ndi kuzionetsa bwino kwa munthu amene alibe chithunzi chilichonse cha kwanu m'mutu mwake.

Makalata ambiri otere amafa chifukwa cha mndandanda. Mwana amalemba kuti: ndimadzuka, ndimasamba, ndimadya, ndimapita kusukulu, ndimabwera, ndimagona. Zonsezo ndi zoona, koma mwana wa ku Dedza, wa ku Glasgow ndi wa ku Lusaka angalembe mawu omwewo. Njira yodziwira ngati chiganizo chako chafa ndi iyi: dzifunse ngati mnzakoyo angachikopere m'kalata yake osasintha kanthu. Ngati angatero, chiganizocho sichinanene za iwe. Chipatse nthawi, mtunda kapena nambala. "Ndimapita kusukulu" isanduke "ndimayenda wapansi mphindi 40 kupita kusukulu, ndipo ndimadutsa pamsika anthu akuyala kachewere." Apo tsopano waona, ndipo wapeza choti akufunse.

Tibwere ku banja, chifukwa apa m'pamene ana ambiri amasokoneza mnzawo osadziwa. Kwathu kuno ana a mayi aang'ono ndi abale ako enieni, sumawasiyanitsa ndi a bere limodzi. Kwa anzathuwo si choncho. Ukalemba kuti uli ndi abale atatu, iye aganiza kuti nonse anakuberekani amayi ako. Kenako m'kalata yachiwiri ukadzatchula kuti awiriwo mayi awo anamwalira, adzasokonezeka, mwinanso adzaganiza kuti wamwalira ndi mayi wako. Usasinthe mmene umawaonera anawo pofuna kumusangalatsa. Ingowonjeza chiganizo chimodzi chofotokoza kuti ndi ana a mng'ono wawo wa amayi, ndipo kwanu ana otere amawerengedwa ngati abale a m'nyumba. Chiganizo chimenecho chimuphunzitsa zambiri za Amalawi kuposa ndime yonse yotamanda chikhalidwe chathu.

Yamba ndi nambala ya anthu ogona pakhomopo, kenako aliyense um'patse kanthu kamodzi komudziwira. Agogo amalima chiyani? Mlongo wako amakonda chiyani? Za bambo nena zoona mwachidule: amagwira ntchito ku Johannesburg, ku South Africa. Ulembe dzina lonse, chifukwa "Joni" timaidziwa ndife. Sukukakamizidwa kufotokoza chifukwa chimene anapitira, kapena kuti ndalama amatumiza kangati. Za maliro a mayi aang'ono, mawu ochepa akwana. Kalata yoyamba ndi malonje, zakukhosi zimabwera mukazolowerana.

Pa za manyazi ndikuuze mosabisa. Ndimamva chisoni ndikaona mwana akulemba kalata yopepesa moyo wake, yodzaza ndi "ndife osauka" ndi "tilibe ichi, tilibe icho". Enanso amapita mbali ina, kunama kuti kwawo kuli galimoto ndi kanema wamkulu. Zonse ziwirizi zimapha ubwenzi usanayambe. Woyambayo amasandutsa mnzake wopereka thandizo, ndipo mwana wa zaka 14 kapena 15 akalandira kalata yotero sadziwa choyankha, amangopita nayo kwa makolo ake. Wachiwiriyo ayenera kukumbukira bodza lake m'kalata iliyonse yotsatira. Ngati mumawerengera nyali ya sola, lemba kuti umawerengera nyali ya sola, monga mmene ungalembere kuti mpira umaukonda. Ndipo chonde, usapemphe kanthu, kaya foni, kaya fizi, kaya nsapato. Pempho limodzi lokha likhoza kuchititsa kuti aphunzitsi a uko aimitse makalata a kalasi yonse.

Nayi kalata yomwe ndakonza potengera zimene wandiuza. Maola, mtunda ndi zina ndangoyerekeza, iwe uikemo zako zenizeni. Pamwamba kudzanja lamanja ulembe keyala ya sukulu ndi tsiku, monga munaphunzirira pa kalata yamchezo, ndipo pansi pa keyalayo usaiwale mawu akuti Malawi.

Wokondedwa mnzanga,

Ndasangalala kuti aphunzitsi andipatsa dzina lako. Ndili ndi zaka 15 ndipo ndili m'chaka chachiwiri cha sekondale. Ndimakhala ku Dedza, m'chigawo chapakati cha Malawi. Kuno ndi kumapiri, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka timaotha moto m'mawa.

Pakhomo pathu timagona anthu asanu ndi mmodzi. Agogo anga aakazi amalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Amayi amagulitsa tomato pamsika. Mlongo wanga ali ndi zaka 11 ndipo amapanga yekha mpira wa mapepala apulasitiki. Palinso ana awiri a malemu mng'ono wawo wa amayi. Kwathu ana otere ndi abale athu enieni. Bambo amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo timalankhula nawo pa foni Lamulungu.

Ndimadzuka 5 koloko. Ndimasesa pabwalo, kenako ndimakatunga madzi kumjigo, womwe ndi chitsime chopopa ndi manja. Ndowa ya malita 20 ndimaisenza pamutu. Ndikamwa phala ndimayenda mphindi 40 kupita kusukulu. Phunziro limene ndimalikonda ndi masamu. Madzulo ndimaphika nsima, chakudya cholimba cha ufa wa chimanga chomwe timadya ndi manja pamodzi ndi nyemba kapena masamba. Kukada ndimawerenga ndi nyali ya sola mpaka 9 koloko.

Nanga iwe umakhala ndi ndani? Ndamva kuti mu Disembala kwanuko kumada masana. Umachita chiyani ukaweruka kusukulu kuli mdima?

Ine mnzako watsopano,
(dzina lako loyamba)

Taona kutalika kwake: siikufika mawu 200, ndipo ikukwana tsamba limodzi la kope. Kutalika kumeneku n'kokwanira. Taonanso kuti mjigo ndi nsima sindinazisiye zokha, chilichonse ndachitsatiza ndi mawu ochepa ofotokoza. Uchite chimodzimodzi ukamadzailemba m'Chingerezi. Dzina la nsima ulisiye mmene lilili, kenako ufotokoze kuti imapangidwa ndi chiyani ndipo imadyedwa bwanji. Koma zinthu zofuna kufotokoza zisapitirire ziwiri kapena zitatu, apo ayi kalata isanduka phunziro.

Sindinalembe kuti "Fomu 2" mwadala. Ku Scotland pulayimale ndi zaka 7, osati 8 ngati kuno, ndipo sekondale imafika zaka 6, zomwe amazitchula S1 mpaka S6. Mnzako wa zaka ngati zakozo mwina ali S3 kapena S4. Choncho nambala ya kalasi singamuuze kanthu, pamene zaka zakubadwa amva nthawi yomweyo.

Gawo limene ana amalithamangira, pomwe ndi lofunika kwambiri, ndi mafunso a kumapeto. Kalata yopanda funso ilibe pogwira woyankha. Koma funso likhale loti sangaliyankhe ndi "inde" kapena "ayi", ndipo lionetse kuti kwawo wakuganizirako. Lamdima lija si nthabwala. Ku Glasgow ndi ku Edinburgh, chakumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa ndipo limalowa isanakwane 4 koloko madzulo. Mu Juni, iwe ukunjenjemera ndi chisanu cha ku Dedza, kwawo ndi nyengo yofunda ndipo kumakhala kowala mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Kwa ife amene dzuwa limatilowera cha m'ma 6 koloko chaka chonse, zimenezi n'zodabwitsa, ndipo iye adzasangalala kuti wapeza munthu womufotokozera.

Ukafuna funso lina, um'funse za phala. Anthu a ku Scotland amadziwika ndi phala lawo la m'mawa, lomwe amaphika ndi mbewu yotchedwa otsi, ndipo ena amathiramo mchere m'malo mwa shuga. Kapena umuuze kuti tauni ya Dedza ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, ndi mamita 1,345. Ndiye kuti iwe umagona pamwamba kuposa nsonga ya phiri lawo lalikulu. Ambiri kumeneko amaganiza kuti ku Africa konse n'kotentha, ndipo chiganizo chimodzi chimenechi chimukonza maganizo popanda kukangana naye. Nkhani yoti mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina kwa tauni ya kwawo kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, isunge. Aphunzitsi ake mwina anawauza kale, ndipo ana ena a m'kalasi mwako ailemba.

Za Chingerezi usade nkhawa mopitirira. Yamba waganiza m'Chichewa zimene ukufuna kunena, kenako ulembe m'ziganizo zazifupi ndi mawu amene umawadziwa bwino. Mawu akuluakulu otola mu dikishonale ndi amene amasocheretsa tanthauzo. Aphunzitsi akuonere zolakwika, koma asakulembere kalatayo, chifukwa makalata 40 akafika uko onse ofanana, ana amadziwa kuti walemba ndi munthu mmodzi. Yanga ili pamwambayinso usaikopere mmene ilili.

Keyala ikhale ya sukulu, osati malangizo a kunyumba kwanu. Nambala ya foni ya amayi usaikemo, ndipo chithunzi utumize pokhapokha amayi ndi aphunzitsi avomereza. Ngati makalata akupita pa positi, yankho limatha kutenga milungu ingapo, ndipo likagwera mu Julaye dziwa kuti sukulu za ku Scotland zimakhala pa tchuthi mpaka pakati pa Ogasiti. Usanapereke kalatayo, ikopere kumapeto kwa kope lako, kuti yankho likadzabwera udzadziwe zimene unanena kale ndi zimene unamufunsa.