Bwanji kagolide ka galamu imodzi kakudula kuposa mtengo wa pa foni?

Funso: Ine ndi mayi wa geni ya kaunjika kuno ku Mzuzu, ndimakhala ku Chibavi. Kwacha ikungotha mphamvu ndiye ndinauza achimwene anga omwe ali ku Joni kuti andigulire kagolide kosunga. Ndikaona mtengo pa foni nkugawa pa galamu ndikupeza zina, koma mtengo omwe awauza kushopu wakwera kwambiri. Akutibera kapena achimwenewo aikapo yawo?

Mayi, achimwenewo musawakayikire msanga, mtengo umene mukuona pa foniwo ndi umene amautcha sipoti ndipo si mtengo wa kushopu. Umachokera pa msika waukulu wa golide ku London komwe amagulitsana mabanki ndi makampani akuluakulu, ndipo katundu wake ndi mitanda ikuluikulu, umodzi umalemera pafupifupi makilo 12 ndi theka, ma aunsi ngati 400. Ogula kumeneko nthawi zambiri sanyamulanso golideyo, amakhala momwemo mosungiramo, chimasintha ndi dzina la mwini wake basi. Ndiye mtengowo ulibe thiransipoti, ulibe paketi, ulibe lendi ya shopu. Inu mukufuna galamu imodzi yoti muigwire m'manja, apo nkhani yasintha. Komanso pogawa paja onetsetsani kuti mwagwiritsa 31.1, poti aunsi ya golide ndi magalamu 31.1, si 28.35 ya zinthu zina ija.

Kuti pa chimtanda chija patuluke kagalamu kanu pamafunika ntchito. Amasungunula, amapanga kukhala kopyapyala, amadula, amayeza kuti kulemera kukwane ndendende, amadinda dzina la kampani ndi nambala kenako nkukatsekera mu kakhadi ka pulasitiki kokhala ndi umboni woti golideyo anayezedwa. Ndiye pali inshuwalansi ndi alonda panjira, wa holoselo amadyapo, wa shopu nayenso amadyapo. Ndalama yonse yoonjezera pamwamba pa sipotiyi ndi imene amati pulimiyamu. Chimene ambiri sachiona nchakuti ntchito yodinda ndi kupakira kagalamu kamodzi sisiyana kwenikweni ndi yodinda magalamu 10 kapena 100, makina ake ndi omwewo, khadi yake ndi imodzi, koma pa kakang'onoko mtolo onsewo wagwera galamu imodzi. Zili ngati mafuta ophikira oyeza m'timachubu ku Zigwagwa, mukawerengera pa lita mumapeza kuti mwalipira zambiri kuposa wogula chigubu ngakhale mafuta ndi omwewo.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala osavuta, awa ndi ongophunzirira si mitengo ya lero. Tinene kuti sipoti ili pa madola 3,110 pa aunsi, ndiye kuti galamu ndi madola 100. Kupanga ndi kutumiza kamtanda ka galamu imodzi kudye madola 12, wa shopu aikepo 3, mwalipira 115, pulimiyamu ndi 15 peresenti. Mtanda wa magalamu 10 golide wake ndi madola 1,000, kupanga tinene 20, wa shopu 30, zonse 1,050, pulimiyamu yatsika kufika pa 5 peresenti. Mukagula timagalamu khumi kamodzikamodzi mutaya 1,150, pomwe wogula mtanda umodzi wa 10 wataya 1,050, kusiyana kwake madola 100, galamu yathunthu yapita ku timapulasitiki.

Ndiye poti achimwene ali ku Joni pali china chachikulu. Ku South Africa mitanda ya golide imalipira msonkho wa vati wa 15 peresenti, pomwe koini ya Krugerrand silipira poti ndi ndalama yovomerezeka ya dzikolo. Kagalamu ka 115 kaja mukaikapo vati kafika pa madola 132, mwina ndi pomwepa pamene mwadabwa. Afunseni aone pa kotesheni ngati msonkhowo walembedwa pawokha.

Ma koini nawo ali ndi pulimiyamu yawo. Krugerrand inayamba mu 1967, ili ndi aunsi imodzi ya golide koma pa sikelo imalemera magalamu 33.93 chifukwa anasakanizamo kopa kuti ikhale yolimba. Zing'onozing'ono zake za theka, kota ndi gawo limodzi mwa magawo khumi zinabwera mu 1980, ndipo lamulo ndi lomwe lija, ikamachepa peresenti imakwera. Ngakhale boma likamagulitsa lokha silipereka pa sipoti, a Reserve Bank ya Zimbabwe atatulutsa koini ya Mosi-oa-Tunya mu 2022 ananeneratu kuti mtengo ndi wa ku London kuonjezapo 5 peresenti yopangira. Komanso pulimiyamu siikhazikika, mu Malichi 2020 mafakitale oyenga golide ku Switzerland atatseka chifukwa cha korona timitanda tinasowa m'mashopu ndipo ogula analipira zoonjezera zambiri.

Chimene ndikufuna muchigwiritse, mayi, ndi tsiku logulitsa, chifukwa mpamene anthu amalira. Wa shopu pogula kwa inu amawerengera golide yemwe ali mkatimo, zoti munalipira khadi ndi vati sizimukhudza, ndipo kawirikawiri amapereka pansi pang'ono pa sipoti. Tinene akupatsa 98 pa 100 iliyonse. Kagalamu munagula 115 mukakabweza mawa mulandira 98, kuti mungobweza mpamba wanu golide akuyenera kukwera ndi 17 peresenti, ndipo ngati munalipira 132 ija akuyenera kukwera pafupifupi 35 peresenti. Wa magalamu 10 uja popanda vati akufunika 7 peresenti yokha. Ndiye achimwene asafunse mtengo umodzi, afunse iwiri nthawi imodzi: mukugulitsa zingati, nanga nditabweza lero lomwe mundipatsa zingati? Mpata wa pakati pa manambala awiriwo ndiye mtengo weniweni wa kusunga ndalama mu golide. Shopu ikamazemba funso lachiwirilo achokepo.

Ine maganizo anga, ngati ndalama ikukwana galamu imodzi yokha musathamange, dikirani muunjike kaye mpaka ikwane chinthu chokulirapo, ndipo ku Joniko ayerekeze Krugerrand yaing'ono ndi mtanda poti vati ija imasintha masamu onse. Ubwino wa ting'onoting'ono ulipo inde, mutha kugulitsa kamodzi pa vuto osakhudza tina, koma mudziwe kuti mwaulipira ubwino umenewo. Asagule ma koini okongoletsa a m'timabokosi aja, mtengo wake umakwera chifukwa cha anthu osonkhanitsa ndipo kuno simupeza wokubwezerani ndalama ya bokosi. Khadi ija musaing'ambe kuti mumugwire golide, ikatseguka wogula amafuna kuyezanso ndipo amadula mtengo. Ndipo ndalama ya mpamba wa mabelo musaiike kumeneku, golide sabereka mwezi ndi mwezi ngati geni, ikanimo yomwe simuifuna kwa zaka.

Ziwiri zina musanatumize ndalama. Choyamba werengerani mtengo womwe mwapezera randi kapena dola, foni imasinthira ku kwacha pa reti ya kubanki pomwe inu mwina mwagula modula kunja kwa banki, kusiyana kumeneko sikwa golide ndi kwa foleksi. Chachiwiri golide sangodutsa pa boda m'thumba, South Africa ili ndi malamulo otulutsira ma koini ndipo kuno ku kasitomu amafunsa mapepala, ndiye zimenezi zifunsidwe katundu asanagulidwe, lisiti isungidwe bwino.

Ndipo wina akabwera pa WhatsApp kapena kukupezani mtauni muno kuti ali ndi kamtanda kodinda akugulitsa pansi pa sipoti poti akufuna kashi mwachangu, mayi musatulutse ngakhale tambala. Golide weniweni wodinda wa shopu aliyense amamugula tsiku lomwelo pa mtengo woyandikira sipoti, palibe chifukwa choti akupatseni inu motchipa, ndipo pali chitsulo chotchedwa tangisiteni cholemera pafupifupi ndendende ngati golide chomwe akuba amachikuta pamwamba, sikelo yokha singachigwire, pamafunika makina oyezera mkati.